Abwana akuti mauthenga anga ndi achibwana, koma ndikachotsa maemoji ndikuoneka wokwiya

"Zikomo amayi. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Chilomoni. Ndatha miyezi inayi ndikugwira ntchito pa kampani ina yosindikiza matisheti ndi mabana ku Ginnery Corner, ndipo ine ndi amene ndimayankha makasitomala pa WhatsApp ndi pa imelo. Sabata yatha abwana anandiitana n'kundiuza kuti ndimalemba ngati mwana wasukulu. Anandionetsa uthenga uwu, umene ndinatumizira mayi wina wogula katundu wa bungwe lawo:

'Mwadzuka bwanji mayi!!! 😊😊 Eee ndiye tasangalala kwambiri zedi ndi oda yanu ija!!! 🎉🙏🙏 Basi ndimangofuna kungokudziwitsani kuti mwina matisheti aja atha kutheka Lachisanu kapena penapake pamenepo kkkk. Ndiye basi mungotumizako kadipoziti kaja eti!! Zikomo kwambiri kwabasi!!! ❤️'

Mawa lake ndinayesa kuchotsa zonse, koma kasitomala wina anandifunsa ngati ndakwiya naye. Ntchitoyi ndimaikonda ndipo ndimafuna anthu aziona nsangala zanga. Nditani?"

Achemwali, mtima pansi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya usekilitale komanso kuphunzitsa achinyamata ongolembedwa kumene m'maofesi a mu Blantyre muno ndi ku Limbe, munthu amene amandipatsa ntchito yaikulu ndi uja wopanda chidwi ndi kasitomala. Inu chidwi muli nacho, chikungotayikira pamalo olakwika, ndipo zimenezo zimakonzeka m'masabata ochepa.

Gwero lake ndi losavuta kulimvetsa. Kasitomala akalowa muofesi mwanu, mumaimirira, mumamwetulira, mumapereka mpando, mwinanso kulandira kapepala kake ndi manja awiri. Mawu anu amakwera ndi kutsika. Zonsezi pafoni kulibe, choncho chala chimayamba kufunafuna china choti chilowe m'malo mwa nkhope ndi manja, ndipo chapafupi ndi mfuuliro ndi kankhope komwetulira. Onjezaninso kuti WhatsApp yomwe mukuyankhira mayi wa bungwe uja ndi yomweyo imene mwangosekera kumene ndi anzanu a kusekondale. Chala sichidziwa kuti mwasintha chipinda.

Tiyeni tiuwerenge uthenga wanuwo ngati ndife mayi uja. Iwo ali pa desiki, abwana awo awafunsa kuti matisheti afika liti, ndipo a ku akaunti akufuna kudziwa ndalama zoti alembe pa pepala lolipirira. Atsegula foni. Apeza mifuuliro 11 ndi maemoji 6. Chiwerengero cha matisheti mulibe. Ndalama ya dipoziti mulibe. Kotumiza ndalamayo mulibe. Tsiku lilimo, koma lavala "mwina", "atha kutheka", "kapena penapake pamenepo", kenako mwaliseka ndi kkkk. Ndikuganiza kuti chimene chinawawawa abwana anu si kamtima kofiira kaja. Ndi chakuti munthu wogula ndi ndalama za bungwe anawerenga uthenga wonse n'kutsala wopanda chokauza amene anamutuma. Zokongoletsa zija zinakubisirani inu nomwe kuti nkhani yeniyeni simunaikemo. Uthengawo unaoneka wodzaza, ngati thumba la makala lija amaika masamba ndi fumbi pansi, makala akuluakulu pamwamba.

Ndiye zimene ndimauza aliyense wobwera ndi vuto lanuli ndi izi: nsangala musaichepetse, ingoisamutsani. Ichoke pa zizindikiro ipite m'mawu otchula chinthu chenicheni, m'tsiku lotsimikizika, ndi m'chimene inu mwalonjeza kuchita. Kasitomala amamva kuti mwamukondwerera mukakumbukira kuti matisheti ake ndi a mwambo wa Loweruka, ndipo mwaonetsetsa kuti afike Lachisanu masana kuti apeze mpata wowagawa.

Tiyambe ndi mfuuliro. Aphunzitsi athu a Chichewa ankati chizindikirochi chimaikidwa pamene munthu wadabwa, wakondwa kwambiri kapena akulamula mokweza mawu. Mphamvu yake imachokera pa kusiyana ndi ziganizo zoyandikana nazo. Ziganizo zisanu zikathera ndi mpumiro, chimodzi n'kuthera ndi mfuuliro, maso amagwera pa chimodzicho. Zonse zikakhala ndi mfuuliro, palibe chimene chaonekera, zili ngati pa depoti ya Wenela pamene oitanira minibasi onse akukuwa nthawi imodzi ndipo iwe sukumvanso wina aliyense. Kuika itatu motsatizana sikuchulukitsa chimwemwe katatu. Kwa munthu wamkulu wowerenga ali pa ntchito, kumangoonetsa kuti wolembayo sanaugwire mtima.

Mlingo wanga ndi mfuuliro umodzi pa uthenga wonse, ndipo masiku ambiri ngakhale umodziwo sufunika. Malo ake ndi pa nkhani yabwino ya kasitomalayo, monga "Zabwino zonse pa mwambo wanu wa Loweruka!" Pamene sindiulola n'komwe ndi pa chiganizo chopempha ndalama, chotchula tsiku lomaliza, kapena chouza munthu chochita. Taonani kusiyana kwa "Chonde tumizani dipoziti pofika Lachiwiri." ndi "Chonde tumizani dipoziti pofika Lachiwiri!!" Inu polemba chachiwiricho mumamwetulira, koma wowerenga akumva ngati alandilodi akugogoda pakhomo pa 5 koloko m'mawa. Mfuuliro sunena ngati mukusangalala kapena mukukalipa, umangokweza mawu. Poyesa, dzifunseni kuti: mayiwa ndikanaima pamaso pawo, chiganizo ichi ndikanachinena mokweza? Ngati ayi, ikani mpumiro.

Maemoji ali ndi vuto lina. Mawu akuti "zikomo" aliyense amawamva mofanana, koma kachithunzi aliyense amakawerenga m'njira yake. Manja ophatikiza aja, 🙏, wina amaona kuthokoza, wina pemphero, wina kupepesa kapena kuchonderera. Munawaika awiri pafupi ndi nkhani ya oda, ndipo ine nditawerenga ndinaona ngati kampani ikuchonderera kuti oda isabwezedwe. Kamtima kofiira ndiye kasiyeni kwathunthu pa ntchito. Kwa mayi mnzanu kangangooneka kachibwana, koma tsiku lina chala chidzakatumiza kwa bambo wina wapabanja, ndipo mudzavutika kufotokoza kuti mumatero ndi aliyense. Ndinaonapo mnyamata wina pa ofesi imene ndinkagwirako akuyankha uthenga wa maliro ndi kankhope koseka mpaka misozi, iye akuganiza kuti n'kolira. Anapepesa, koma ofedwawo sanaiwale msanga.

Chala chachikulu choloza m'mwamba, 👍, chimaoneka chosalakwa kuposa onse, komabe ndi chimene ndimachiopa kwambiri pa nkhani za ndalama. Kasitomala akalemba kuti "Mutipangire pa K8,000 m'malo mwa K9,000" inu n'kuyankha ndi chalacho, mwanena chiyani? Kuti mwaona uthengawo, kapena kuti mwavomera mtengo? Mu 2023 khoti lina m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada linagamula kuti mlimi amene anayankha chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ndi chala chimenechi anali atavomera mgwirizanowo, ndipo analamulidwa kulipira ndalama zoposa 82,000 za madola a dzikolo. Iye ankati amangosonyeza kuti walandira. Limenelo ndi khoti la ku Canada, koma mkangano wa mtundu womwewo ungabuke pa kauntala yanu, kasitomala ataimika foni m'mwamba n'kumati "Si uyu mtsikana wanu anavomera?" Pa mtengo, pa tsiku ndi pa chiwerengero, lembani mawu: "Ndalandira, ndifunse kaye abwana, ndikuyankhani isanakwane 2 koloko."

Palinso kanthu kena kamene ambiri sakadziwa, ndipo kakukhudzani ngati kampani yanu imatumizanso ma SMS. Uthenga umodzi wa SMS umanyamula zilembo 160. Mukangoikamo emoji imodzi, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa zilembo 150 umene ukanapita ngati umodzi umaduka patatu, n'kulipiridwa ngati atatu. Chilembo cha ŵ chimachitanso chimodzimodzi. Ndipo kasitomala wa kafoni ka mabatani nthawi zambiri saona n'komwe kankhope kanu, amangoona timabokosi kapena mfunsiro.

Sindikunena kuti emoji ndi yoletsedwa. Pa imelo, pa kotesheni, pa uthenga woyamba kwa munthu amene simunalankhulepo naye, ndi pa yankho la dandaulo, musaike. Pa WhatsApp, ndi kasitomala amene mwazolowerana naye, muzitsatira iye koma muzikhala pambuyo pake pang'ono. Akatumiza kankhope komwetulira, mutha kubweza kamodzi kumapeto, nkhani ya ntchito itatha. Akakhala kuti satumiza, inunso musatumize. Mayi wa saluni ku Ndirande wofuna bana imodzi ndi mayi wogula za bungwe amene uthenga wanu akausindikiza n'kuuika m'failo, sangalandire zofanana. Ndipo emoji isalowe m'malo mwa mawu, izingoperekeza mawu amene ali okwanira kale paokha.

Tsopano mawu odzadzira, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amadula molakwika. Malangizo ambiri a kalembedwe ka muofesi amati pitani molunjika pa mfundo, chotsani chilichonse chosafunika. Munthu amamva zimenezo n'kuchotsa moni. Kwathu kuno moni si wodzadzira. Kulembera mayi wamkulu n'kuyamba ndi ndalama osafunsa m'mene adzukira, ndiko kulowa m'nyumba ya eni osaodira. "Mwadzuka bwanji mayi" akhale pomwepo. "Chonde" akhale. "Zikomo" akhale. Kuwatchula kuti mayi, bambo kapena achimwene, ndi kuwalankhula mwaulemu kuti "mutumize", "mwalandira", zonsezi ndi zimene zimanyamula ulemu m'Chichewa, ndipo sizidya malo.

Chilankhulo chathu chilinso ndi tizida tating'ono tofewetsera mawu timene timagwira ntchito imene inu mumaipatsa emoji. Taonani -ko. "Mutiuze" ndi lamulo, "mutiuzeko" ndi pempho. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri, koma munthu amamva kuti mwamupatsa ulemu. Chimodzimodzi -di, pa "tathokozadi", amene amatsindika popanda kukuwa. Koma izinso zili ndi malire. Mu uthenga wanu munalemba "mungotumizako kadipoziti kaja eti". Mwafewetsa kanayi pa chiganizo chimodzi: -ngo-, -ko, ka-, ndi eti. Zotsatira zake, dipoziti yasanduka kanthu kosafunika kwenikweni, koti munthu angatumize akakumbukira. Chonsecho popanda ndalama imeneyo kampani yanu sigula matisheti oti isindikize. Ka- ameneyu amatipweteka kwambiri ife Amalawi pa malonda. Timachita manyazi kutchula ndalama, ndiye timaichepetsa ndi pakamwa: kandalama, kabalansi, kainvoisi. K900,000 si kandalama. Itchuleni ndi dzina lake, mufewetse kamodzi kokha ndi "chonde".

Odzadzira enieni ndi awa amene pakamwa amatipatsa mpata woganiza: eee, basi, ndiye, ndiye basi, eti, kaya, ujeni, paja. Polankhula sitiwamva n'komwe. Polemba alibe ntchito, chifukwa nthawi yoganiza munali nayo musanadinize potumizira. Kuwazindikira kwake n'kosavuta. Phimbani mawuwo ndi chala, muwerenge chiganizocho. Ngati tanthauzo ndi ulemu zatsala momwe zinalili, mawuwo anali odzadzira. "Ndiye" amene akutanthauza "chifukwa cha zimenezo" atsale. "Ndiye" woyambira chiganizo chilichonse achoke. Nayenso "ndimangofuna kungokudziwitsani kuti" ndi njira yaitali yopita pakhomo pomwe mwaima kale. Uthengawo ndiwo kudziwitsako.

Kenako pali mawu otsindika ounjikana: kwambiri zedi, kwambiri kwabasi. Awa ndi abale ake a mifuuliro itatu ija. Limodzi limakwana. Ndipo mukaona kuti mukufuna kuunjika, nthawi zambiri ndi chizindikiro choti simunanene chimene mukuthokozera. "Zikomo kwambiri kwabasi" angapite kwa aliyense. "Zikomo potumiza logo yanu msanga, zatithandiza kuyamba lero" angapite kwa mayi uja yekha, ndipo iwo adziwa.

Oopsa kuposa onse ndi okayikitsa: mwina, kapena, penapake, atha kutheka. Amenewa sadzadza malo okha, amasintha lonjezo. Ndikudziwa chifukwa chimene timawalembera. Timaopa kulonjeza Lachisanu kenako magetsi n'kuzima Lachinayi tsiku lonse. Manthawo ndi oona, koma mankhwala ake si "mwina". Pitani kwa anyamata a ku makina mukafunse tsiku lenileni. Ngati pali chimene chingalepheretse, chitchuleni: "Akhala okonzeka Lachisanu ngati dipoziti yafika Lachiwiri." Kasitomala angakonze mapulani ake pa chiganizo chimenecho. Pa "mwina" sangakonze kanthu. Za kkkk sindichedwapo. Pa nkhani ya tsiku kapena ya ndalama, kuseka kumauza munthu kuti inu nomwe simukukhulupirira zimene mwalemba.

Tiyeni tiukonze tsopano. Manambala ndi masiku ndaika anga ongoyerekezera, inu muikemo enieni. Tinene kuti ndi matisheti 200 pa K9,000 imodzi, zonse K1,800,000, ndipo kampani yanu imafuna theka poyamba.

"Mwadzuka bwanji mayi? Zikomo potisankha kuti tisindikize matisheti a mwambo wanu wa Loweruka. Logo yanu taiyesa pa nsalu yobiriwira ija ndipo yaoneka bwino, chithunzi ndi ichi. Matisheti onse 200 akhala okonzeka Lachisanu pa 14, nthawi ya 2 koloko masana, ngati dipoziti ya K900,000 yafika pofika Lachiwiri pa 11. Chonde tumizani ku akaunti imene ili pa kotesheni. Ndalama ikangofika ndikudziwitsani, ndipo Lachinayi ndidzakutumizirani chithunzi cha oyamba kutuluka. Zikomo mayi."

Mulibe mfuuliro, mulibe emoji. Kodi mwamvamo munthu wokwiya? Nsangala ili pa malo atatu. Mwakumbukira mwambo wawo ndi tsiku lake. Mwachita kanthu kamene sanakupempheni, kuyesa logo n'kutumiza chithunzi. Ndipo mwalonjeza kubweranso Lachinayi iwo asanafunse. Munthu wosakonda ntchito yake sachita zimenezi. Moni uja waikidwa mfunsiro chifukwa ndi funso, ndipo mfunsiro womwewo umamveka ngati munthu wodikira yankho. Mukafuna mfuuliro wanu umodzi, usungireni Lachisanu, katundu atanyamulidwa: "Mwambo uyende bwino mawa!" Pamenepo wafika pake.

Ngati mukufuna kuti tsiku kapena ndalama zionekere, pa WhatsApp ikani kanyenyezi kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawuwo, chonchi, `*K900,000*`, ndipo atuluka akuda kwambiri. Chitani zimenezi pa chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Musalembe ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, kumeneko ndi kukuwa komwe kuja kwangosintha malaya.

Nanga kasitomala uja anafunsa ngati mwakwiya? Ndikuganiza kuti panachitika zinthu ziwiri. Choyamba, munachotsa osaikapo china. Ngati munayankha kuti "Chabwino." kapena "Zatheka." basi, ndiye kuti anali ndi chifukwa chofunsira. Pa WhatsApp liwu limodzi lotsekedwa ndi mpumiro limamveka ngati chitseko chomenyetsa, makamaka kwa achinyamata. Yankho lalifupi lizikhala ndi dzina laulemu ndi chotsatira: "Chabwino bambo, ndalemba. Ndikuimbirani katundu akatuluka." Chachiwiri, munasintha usiku umodzi. Munthu amene kwa miyezi inayi wakhala akulandira maluwa ndi mitima, lero n'kulandira mawu ouma, ayenera kuganiza kuti walakwa penapake. Kwa makasitomala atsopano yambani kalembedwe katsopano lero lomwe. Kwa akale tsikani pang'onopang'ono, sabata ino emoji imodzi m'malo mwa zisanu, sabata yamawa pokhapokha iwo akayamba. Uja anafunsayo muyankheni mosavuta kuti ayi bambo, palibe vuto, ndi kuchuluka kwa ntchito chabe, kenako mufunseni za oda yake.

Pamene kalembedwe kameneka kadzakupulumutseni kwenikweni ndi tsiku limene zinthu zalakwika, ndipo pa ntchito yosindikiza tsiku limenelo limabwera. Makina afa, kapena matisheti a saizi yaikulu asowa kwa ogulitsa ku Limbe. Chizolowezi chanu chidzakukokerani ku "Pepani kwambiri zedi mayi!!! 😭🙏🙏". Uthenga wotero umanena za m'mene inu mukumvera, pamene kasitomala akufuna kudziwa za katundu wake. Komanso umamupatsa ntchito yoti akutonthozeni. Lembani kuti: "Pepani mayi, matisheti 40 a saizi yaikulu achedwa. Okwana 160 ndi okonzeka Lachisanu monga tinagwirizana, ndipo 40 otsalawo tidzabweretsa tokha Loweruka isanakwane 7 koloko m'mawa. Ngati zimenezi zisokoneza mwambo, ndiuzeni tione chochita lero." Pepani mmodzi, nambala, nthawi, ndi njira. Ndipo nkhani ngati iyi, yambani mwaimba foni, uthenga ubwere pambuyo ngati umboni wa zimene mwagwirizana. Mawu a pakamwa amanyamula chisoni bwino kuposa kachithunzi kalikonse.

Kuti chizolowezi chisinthe, musalimbane ndi chala pamene mukulemba. Lembani m'mene mwazolowera, kenako musanatumize bwererani kawiri. Ulendo woyamba funsani ngati muli chiyani, zingati, liti, ndi ndani achite chiyani. Ulendo wachiwiri chotsani zokongoletsa. Dongosolo limeneli ndi lofunika, chifukwa mukayamba ndi kuchotsa mudzatsala ndi uthenga waukhondo koma wopanda kanthu. Pa imelo yotsegulidwa mu bulauza monga Chrome, dinizani `Ctrl+F` n'kulemba `!` kuti kompyuta ikuwerengereni mifuuliro, mudzadabwa masiku oyamba. Ngati kampani ikugwiritsa ntchito WhatsApp Business, sungani mayankho okonzeratu a zinthu zobwerezabwereza monga dipoziti, nthawi yotsegulira ndi kotengera katundu, amene amatuluka mukalemba `/`. Muziwonjezapo chiganizo chimodzi chokhudza munthuyo kuti asamve ngati akulankhula ndi makina. Mukatumiza kale n'kuona cholakwika, WhatsApp imalola kukonza uthenga mkati mwa mphindi 15, ngakhale imaonetsa kuti wakonzedwa. Kukonza mfuuliro palibe vuto. Koma mukalakwitsa mtengo kapena tsiku, tumizani uthenga watsopano wonena poyera kuti mwakonza, chifukwa mwina woyamba uja auwerenga kale n'kuuza ena.

Ndiponso uthenga ukhale umodzi. Achinyamata ambiri amatumiza moni payekha, kenako "ndimafuna ndikuuzeni", kenako nkhani, kenako emoji payokha. Foni ya kasitomala imalira kanayi ali mu msonkhano, ndipo akafuna kutumizira abwana ake sadziwa atenge uti.

Mudzadziwa kuti zikuyenda poona mayankho. Makasitomala akasiya kufunsa kuti "Ndiye ndi zingati?" kapena "Lachisanu lake liti?", ndiye kuti uthenga ukukwana. Akayamba kuyankha mwachidule kuposa kale, kapena kufunsa ngati muli bwino, mwadula mopitirira, bwezeraniko moni ndi chiganizo chothokoza chinthu chenicheni.

Kwa abwana anu, musadikire kuti adzakuitaneninso. Sankhani mauthenga atatu amene mwalemba mwatsopano, mupite nawo n'kunena kuti: "Bwana, ndayesa kukonza monga munanenera, mungandionereko ngati ndi zimene mukufuna?" Apempheninso akuonetseni uthenga umodzi kapena mauthenga awiri amene iwo amaona kuti ndi abwino, chifukwa mawu akuti "zachibwana" aliyense amatanthauza zake. Ena amadana ndi emoji yokha, ena chimawanyansa ndi kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ena ndi kufupikitsa mawu monga kulemba "zkm". Ndi bwino mudziwe chimene anu akunena, ndipo ngati mungathe mugwirizane kuti pa imelo zizikhala chonchi, pa WhatsApp chonchi. Pali mauthenga ena amene simuyenera kuyankha nokha ngakhale mutadziwa kulemba bwino: kasitomala wofuna kubwezeredwa ndalama, wopempha kutsitsa mtengo, wotchula loya kapena apolisi, ndi wina aliyense amene wayamba kukulemberani zachikondi pa nambala ya kampani. Amenewo yankhani kuti mwalandira ndipo mubwera ndi yankho nthawi yakuti, kenako aonetseni abwana momwe alili, osafufuta kalikonse. Ndipo ngati patatha mwezi mwasintha zonsezi koma madandaulo a abwana akupitirira osatchula cholakwika chenicheni, pezani munthu wamkulu pa ntchitopo amene mumamukhulupirira, kapena woona za ogwira ntchito ngati alipo, mumuonetse mauthenga akale ndi atsopano, akuuzeni ngati vuto likadali pa kalembedwe.